Ofesala Akachoka, Pulojekiti Imatsala M'manja mwa Lipoti

Malamulo a ntchito m'Malawi muno amati munthu wolandira malipiro a pamwezi akafuna kusiya ntchito apereke notisi ya mwezi umodzi. Mwezi umenewo umatha ngati madzi. Ofesala wa pulojekiti amakhala akuthamangitsa za penshoni yake, akusaka nyumba kumene akupita, akutsanzikana ndi anzake, ndipo lipoti losiyirana ntchito, limene m'maofesi amangoti handiova, amalilemba madzulo a tsiku lomaliza. Wodzalowa m'malo mwake nthawi zambiri amafika patapita masabata angapo, mwini wake atapita kale. Zonse zimene angadalire ndi mapepala amene wawapeza patebulo.

Malipoti ambiri otere amene ndawaona amafotokoza za m'mbuyo: pulojekiti inayamba liti, cholinga chake n'chiyani, yakwanitsa zotani. Zimenezo wobwera kumene angaziwerenge m'malipoti opita kwa opereka thandizo. Chimene sangachipeze kwina kulikonse ndi ntchito yomwe ili pakati, yosatha, imene mwini wake ankaisunga m'mutu. Lipoti losiyirana ntchito limalembedwera zimenezo.

Tiyerekeze kuti bungwe lina likukumba mijigo 12 m'boma la Chikwawa, ndipo ofesala wake akuchoka kumapeto kwa Okutobala. Mijigo 9 yatha ndipo anthu akutunga. Itatu yatsala. Lipoti lolembedwa mothamanga lingangoti: "Mijigo itatu yatsala, muitsatire." Mawu amenewa ndi oona, koma sathandiza munthu. Mijigo itatuyo yatsala pa zifukwa zitatu zosiyana, ndipo uliwonse ukudikira munthu wina.

Woyamba anakumba, madzi anapezeka, pampu ya mtundu wa Afridev inafika, koma khonde la simenti ndi ngalande yake sanamange. Apa mpira uli kwa kontilakitala. Lipoti linene tsiku limene iye analonjeza kubwera, ngati analonjeza pakalata kapena pafoni, ndiponso kuti msewu wopita kumudziko umadutsa pamtsinje wopanda mlatho. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, lole ya simenti ndi miyala siidzadutsanso mpaka madzi ataphwa. Munthu wochokera kumtunda amene sanagwirepo ntchito kuchigwa cha Shire sangadziwe kuti ntchito ya masiku ochepayi ikachedwa masabata atatu, yachedwa miyezi inayi.

Wachiwiri madzi ake anatuluka amchere, vuto lodziwika bwino m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje. Madzi anatumizidwa kokayeza ndipo zotsatira sizinabwere. Pamenepa kontilakitala alibe chochita, amene akudikiridwa ndi a labotale. Lipoti linene tsiku limene madziwo anatumizidwa, nambala ya lisiti, ndi chimene chinagwirizanidwa kuti chichitike ngati mchere wapitirira muyezo: kutseka dzenjelo kapena kukakumba kwina. Wachitatu anakumba osapeza madzi. Makontilakiti ena salipira dzenje louma, ena amalipira gawo, choncho wochokayo alembe kuti kontilakiti yawo ikuti chiyani, patsamba liti. Akapanda kutero, invoisi ya dzenje louma idzafika pamodzi ndi zina, ndipo mlendoyo adzaisainira osadziwa.

Ntchito iliyonse yotsala, tsono, imayenera kuyankha mafunso omwewo: yafika pati, ikudikira ndani, chotsatira n'chiyani, ndipo tsiku lomaliza ndi liti. Ndimakonda kuti ntchitozo zisanjidwe potsata masiku, osati potsata mitu, kuti yoyaka moto ikhale pamwamba.

Masiku ena sakhala pakalendala ya muofesi, amabisala m'makontilakiti. M'ntchito zomanga, bungwe limasunga gawo la ndalama za kontilakitala kwa nthawi yomwe agwirizana, kuti chikawonongeka chinthu chifukwa cha ntchito yosalongosoka adzakonze ndi ndalama zake. M'chitsanzo chathu tinene kuti kontilakiti ndi ya K120 miliyoni, zosungidwa ndi K5 pa K100 iliyonse, kutanthauza K6 miliyoni, ndipo nthawi yake ndi miyezi 6. Mijigo isanu yoyamba inatha mu Juni, choncho nthawi yake ikutha mu Disembala. Ofesala watsopano ayenera kukayendera mijigo isanuyo tsikulo lisanakwane, aone ngati simenti yang'ambika, ngati madzi akutuluka amatope, ngati amayi akupopa nthawi yaitali madzi asanabwere. Chimene wapeza alembere kontilakitala kalata. Tsiku likadutsa popanda kalata, ndalama zija zimatuluka, ndipo mjigo ukafa mu Febuluwale okonza ndi anthu a m'mudzi ndi ndalama zawo zosonkha. Ofesala wakale tsiku limeneli ankalidziwa pamtima, n'chifukwa chake n'kosavuta kuti aiwale kulilemba. Chimodzimodzi msonkho umene bungwe limadula polipira kontilakitala: wodulidwa mu Okutobala uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 Novembala, ndipo kontilakitala adzafuna chikalata chake. Ntchito imeneyi ndi ya a maakaunti, komabe foni yodandaula imalira kwa ofesala.

Pali gawo lina limene anthu ambiri salemba, mwina chifukwa cha manyazi: malonjezo a pakamwa. Tsiku limene dzenje lija linatuluka louma, ofesala anaima pamaso pa amfumu ndi anthu awo, nanena kuti asade nkhawa, akatswiri abweranso kudzayeza malo ena. Sanalembe paliponse. Kumudziko mawuwo sanaiwalike, ndipo m'maso mwa anthu analonjeza si munthu, ndi bungwe. Wolowa m'malo akadzafika adzafunsidwa za lonjezo limene sanalimvepo, ndipo akadzati sakudziwa, anthu adzati bungweli ndi labodza. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Wochoka alembe mosabisa: ndinalonjeza chakuti, kwa akuti, pamsonkhano wa tsiku lakuti, ndipo ndalama yake mubajeti ilipo kapena palibe. Ngati palibe, ndi bwino apite yekha akabweze mawu ake asanachoke, kusiyana ndi kumusiyira mnzake ngongole yotere.

Za anthu olumikizana nawo, mndandanda wa mayina ndi manambala a foni wokha sukwanira. Wobwera kumene afunika kudziwa kuti aliyense amagwira chiyani pa pulojekitiyo ndi kuti nkhani zimayenda njira iti. Kukhonsolo kuli mkulu woona za madzi m'boma, amene anthu ake amayang'anira nawo ukumbi ndi kutsimikiza kuti mjigo watha bwino. Kuli komiti ya DEC, kumene mabungwe amakafotokoza ntchito zawo, ndipo lipoti linene kuti bungweli linakaonekerako liti komaliza. Kumudzi kuli ADC pa dera la mfumu yaikulu, VDC pa dera la gulupu, komiti ya pamjigo, mlangizi wa zaumoyo, ndi mmisiri wa m'dera wokonza mijigo. Kulumpha mmodzi mwa amenewa, monga kukachititsa msonkhano kumudzi gulupu asanamve, kumatseka zitseko zimene mnzako anatsegula movutikira. Tinthu ting'onoting'ono timathandizanso: kuti wapampando wa komiti yakuti alibe foni ndipo uthenga umadzera kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu yapafupi, kuti tsiku la msika anthu sabwera kumsonkhano.

Apa pafunika kusamala. Lipotili limalowa mufayilo ndipo adzaliwerenga anthu ambiri, mwina ngakhale wotchulidwayo. Kulemba kuti "kontilakitala uyu ndi wakuba" ndi kudziputira mlandu. Kulemba kuti "analonjeza kubwera pa 3 ndi pa 17 Okutobala, sanabwere, makalata ali mufayilo" ndi kunena zoona zimene wina angatsimikize, ndipo wowerenga adzamva yekha. Mayina ndi manambala a anthu opindula ndi pulojekiti asaikidwe m'lipoti loyenda m'maimelo, lingonena kumene kaundula wawo akusungidwa.

Mafayilo nawo vuto lake si kusowa kokha, koma kuchuluka. Mulaputopu mumapezeka bajeti zinayi zofanana mayina, ndipo palibe chosonyeza kuti opereka thandizo anavomera iti. Lipoti litchule dzina lenileni la fayilo yogwira ntchito ndi malo ake, mwachitsanzo `Bajeti_yovomerezeka_2024-07.xlsx`, ndipo zinazo ziikidwe padera. Pa mijigo, mapepala amtengo wapatali ndi a mjigo uliwonse pawokha: kuya kwake, miyala ndi dothi zimene anadutsa pokumba, kuchuluka kwa madzi poyesa kupopa, zotsatira za kulabotale, manambala a GPS, ndi chikalata choperekera mjigo kwa anthu. Mjigo ukadzavuta patapita zaka, mmisiri amafuna kudziwa kuti mapaipi anatsika mamita angati asanayambe kuzula. Ngati mapepala ena akadali kwa kontilakitala kapena kukhonsolo, lipoti linene choncho.

Zambiri masiku ano zimatsalira mufoni ya munthu: zithunzi za ntchito, mauthenga a pa WhatsApp mmene kontilakitala anavomera kusintha malo okumba. Zimenezi zisamutsidwire mukompyuta ya bungwe foniyo isanachoke, ndipo gulu la pa WhatsApp la makomiti lipatsidwe woyendetsa wina. Mapasiwedi asalembedwe m'lipoti. Oyang'anira makompyuta amutsegulire watsopanoyo akaunti yake, ya wochokayo atseke.

Kumapeto kwa lipoti kumabwera katundu ndi ndalama. Njinga yamoto ilembedwe nambala yake, makilomita amene yayenda, ndi tsiku limene inshuwalansi ikutha, kenako laputopu, makiyi, ndi khadi la mafuta. Ndalama zimene ofesala anatenga za maphunziro a makomiti aziwerengere yekha ndi malisiti ake asanachoke, chifukwa mnzake sangayankhe za ndalama zimene sanazigwire. Amasaina atatu: wochoka, wolandira, ndi bwana wawo. Ngati wolowa m'malo sanafike, bwanayo ndiye amalandira, ndipo ayenera kusankha munthu wogwirizira ntchito zimene masiku ake akwana mpando uli wopanda munthu.

Wolandira asasaine chimene sanachione. Atsegule fayilo iliyonse yotchulidwa, aimbe manambala angapo, aone njinga ndi maso. Mpata ukakhalapo woti awiriwo akumane, tsiku limodzi alithere kumudzi, wochokayo akamuonetse mnzake kwa amfumu ndi kumakomiti, makamaka kumudzi wa dzenje louma uja. Lipoti lokhalo liyambe kulembedwa sabata imene notisi yaperekedwa, bwana aliwerenge kudakali masabata awiri, kuti mafunso ake apeze mwini ntchito akadali pampando.