Funso Likakudutsani pa Intaviyu

Tiyerekeze kuti mukufunsira ntchito yosunga katundu, ndipo kutsogolo kwanu kwakhala mabwana atatu. Mmodzi akuti, "Tell us about a time you went the extra mile." Mawu onsewo mukuwadziwa, choncho mukuyamba kufotokoza za tsiku limene minibasi inafera panjira, inu n'kuyenda wapansi mpaka kuntchito. Mabwana aja akungoyang'anizana. Iwo sanafunse za mtunda ayi. Chimenecho ndi chining'a cha Chingerezi, ndipo amafuna kumva za nthawi imene munagwira ntchito kupitirira pamene munayenera kulekezera.

Ambirife tinakula tikudziwa kuti wamkulu sabwerezetsedwa mawu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma m'chipinda cha intaviyu umapweteketsa, chifukwa woyankha zimene sanafunsidwe amaoneka ngati ntchitoyo sakuidziwa, pamene chamudutsa ndi chining'a chabe. Kufunsa kumatenga masekondi ochepa, ndipo kulibe mlandu.

Chofunika n'kudziwa chimene chakudutsani. Ngati bwanayo amayankhula mothamanga kapena motsitsa mawu, nenani kuti, "Could you repeat the question, please?" Koma ngati mwamva bwinobwino, tanthauzo lokha ndi limene lakusokonezani, kubwerezetsa sikuthandiza, poti adzangonenanso mawu omwewo mokweza. Apa m'pempheni alifunse mwanjira ina: "Could you put that another way?"

Njira imene ine ndimaikonda kwambiri ndi yonena nokha zimene mwamvazo kuti iwo avomereze kapena akuwongoleni. Pa funso lija mukanati, "Do you mean a time I did more than my job required?" Bwana akagwedeza mutu, mwapeza njira, komanso mwapezerapo mpata woganiza. Kenako simbani nkhani imodzi yokha: tsiku limene mabuku ankasonyeza matumba a simenti 200 koma m'nyumba yosungiramo munali 188, inu n'kutsalira madzulo kufufuza malisiti mpaka kupeza kuti matumba 12 anatuluka osalembedwa. Tchulani vutolo, zimene munachita, ndi mmene zinathera.

Palinso msampha wina umene umachokera m'Chichewa chathu chomwechi. Munthu akakufunsani kuti, "Simunamalize maphunzirowa?" mumayankha kuti, "Eya," kutanthauza kuti zoonadi simunamalize. M'Chingerezi zimatembenuka. Akafunsa kuti, "You didn't finish the course?" inu n'kuti "Yes," mzungu angamve kuti munamaliza, ndipo akaona kuti satifiketi palibe angaganize kuti mwanama. Musayankhe ndi liwu limodzi. Nenani chiganizo chonse: "No, I didn't finish," kapena "Yes, I did finish."

Mawu amenewa ayeserereni mokweza kunyumba, mnzanu akukufunsani mothamanga dala, mpaka azituluka okha ngakhale mtima ukugunda.