Mphindi 10 Pamaso pa Aphunzitsi: Kukonza Mawu Odifendera Pulopozo

Wophunzira wa chaka chomaliza kuyunivesite asanaloledwe kuyamba kafukufuku wake, amayenera kuima pamaso pa gulu la malekichala n'kufotokoza zomwe akufuna kuchita. Ophunzira amati kudifenda pulopozo. Kawirikawiri amapatsidwa mphindi 10 kapena 15, kenako mafunso. Ambiri amalephera pamenepa ngakhale nkhani yawo akuidziwa, chifukwa amangodula zidutswa za pulopozo ya masamba 20 n'kumaziwerenga mothamanga. Zoyankhula zimafuna kulembedwa pazokha, m'ziganizo zifupizifupi zoti khutu ligwire.

Yambani ndi masamu. Munthu woyankhula Chingerezi modekha amatchula mawu pafupifupi 120 pa mphindi, ndiye mphindi 10 zimakwana mawu 1,200 basi. Pamenepo moni ndi mutu zitenge theka la mphindi, vuto ndi zolinga mphindi zitatu, ndipo mphindi zinayi kapena zisanu zipite ku njira yochitira kafukufukuyo. Zotsalazo n'za ndalama ndi ndondomeko ya nthawi.

Njirayo ikutenga gawo lalikulu chifukwa pulopozo ilibe zotsatira. Aphunzitsiwo akufuna kumva ngati ntchitoyo ingatheke, ndiponso ngati ingayankhedi funso lomwe mwafunsa.

Tiyerekeze mtsikana wophunzira zaulimi ku Bunda yemwe akufuna kuyerekeza kasungidwe ka chimanga. Ena akanayamba ndi kuti chimanga ndi chakudya chodalirika m'Malawi, zomwe aliyense m'chipindamo akuzidziwa kale. Iye alembe chonchi, ngakhale patsikulo adzayankhula m'Chingerezi: "Wolemekezeka apampando ndi aphunzitsi nonse, funso langa ndi ili: pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndi njira iti yomwe imateteza bwino chimanga kwa anankafumbwe, thumba la PICS, thumba wamba lothira Akiteliki, kapena thumba wamba lopanda mankhwala?" M'chiganizo chimodzi watchula chomwe ayeze, njira zitatu zomwe ayerekeze, ndi kutalika kwa nthawi.

Tsopano afike pa njira. Polemba koyamba angathe kunena kuti njira iliyonse idzakhala ndi matumba atatu, ndipo mwezi uliwonse azidzatsegula n'kuwerenga maso a chimanga obooledwa. Apa mpomwe lekichala wodziwa ntchito amakweza dzanja. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri m'kati mwa saka, ndipo limapha tizilombo pozimana mpweya. "Mukamatsegula mwezi ndi mwezi, mpweya sukulowa? Ndiye mukuyeza chiyani?" Funso limeneli likhoza kugwetsa pulopozo yonse.

Wokonzeka bwino amalitsekereza lisanafunsidwe. Anene kuti adzayeza katatu, pakatha miyezi iwiri, inayi ndi isanu ndi umodzi, ndipo ulendo uliwonse uli ndi matumba akeake omwe akatsegulidwa sabwereranso m'kafukufuku. Njira zitatu, matumba atatu pa njira iliyonse, maulendo atatu: matumba 27. Akati adzaze makilogalamu 50 m'thumba lililonse afunika makilogalamu 1,350, omwe mwana wasukulu sangakwanitse kugula. Choncho anene kuti adzaika makilogalamu 10, onse pamodzi 270, chimanga chochokera m'munda umodzi chomwe chaumitsidwa mpaka chinyezi chake chafika pafupifupi 13 peresenti. Ziganizo zinayi kapena zisanu zotere zimaposa masilaidi khumi a zomwe akatswiri ena analemba.

Inetu ndimaona kuti manambala a m'zoyankhula ndi omwe amavumbula wosakonzeka. Pakamwa akuti matumba 27, pasilaidi alemba 18, m'bajeti waika ndalama za 30. Aphunzitsi ali ndi pulopozo m'manja ndipo amaona msanga. Tengani cholembera, muyerekeze malo atatu onsewo.

Tsamba lomaliza likhale la mayankho. Lembani mafunso omwe mukuwaopa, lililonse ndi yankho la ziganizo ziwiri. Mtsikana uja ayembekezere kufunsidwa kuti anankafumbwe adzachokera kuti, adzawaika yekha m'thumba lililonse mofanana kapena adzadalira omwe abwera ndi chimanga kumunda, komanso kuti makoswe akaboola thumba adzatani. Funso likakhala loti sanaliganizirepo, kuli bwino kuvomera n'kunena kuti akakonza pamodzi ndi supavaiza wake. Kupeka yankho kumaitana mafunso ena owawa koposa.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza mutaimirira, wotchi ili patebulo, mnzanu wa kosi ina akumvetsera. Akalephera kubwereza funso la kafukufuku wanu m'mawu ake, ndime yoyamba ilembedwenso. Mukapitirira nthawi, dulani ku mawu oyamba, njira musaikhudze. Patsikulo musanyamule mapepala onsewo. Lembani pakakhadi mitu ndi manambala okha, kuti maso anu akhale pa aphunzitsi omwe akukumvetserani.