Masabata anayi olimbitsa msana muli pakhomo

Ambiri a ife amene timagwira maganyu m'magadeni ndi m'nyumba za ku Sandton timaweruka msana ukuwawa cham'chiuno. Ngati ululuwo ndi wochepa, umabwera mukawerama kapena kunyamula katundu n'kuchepa mukapuma, kugona tsiku lonse kumangoumitsa msana. Yalani bulangete pansi, muzichita izi tsiku lililonse.

Sabata yoyamba, gonani chagada mutapinda mawondo. Kanikizani msana pansi kwa masekondi 5, maulendo 10. Kenako kokerani bondo limodzi pachifuwa kwa masekondi 20, musinthe linalo. Yendaninso mphindi 10.

Sabata yachiwiri, onjezerani ichi: muli chagada chomwecho, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuyambira m'mapewa kufika m'mawondo, maulendo 8. Yendani mphindi 15.

Sabata yachitatu, gwadani manja ali pansi ngati mwana wokwawa. Tambasulani dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo kwa masekondi 5, kenako musinthe, maulendo 6 mbali iliyonse. Chiuno chikamapendekeka, muzikweza mwendo wokha. Yendani mphindi 20.

Sabata yachinayi, chitani zonsezi kawiri ndipo yendani mphindi 30.

Kumva kuphwanya pang'ono m'minofu si vuto. Koma ululu ukakula mpaka kukacha, bwererani ku zochita za sabata yapitayo. Ukatsikira kumwendo kupitirira bondo, lekani mukaonane ndi adokotala. Mwendo ukafooka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamavuta kutuluka kapena kumangotuluka zokha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.