Zilembo Zinayi Zikhoza Kukugulitsani Kampani Yolakwika

M'mwezi wa Marichi 2020, mliri wa Kovidi utatsekera anthu m'nyumba, misonkhano yambiri inasamukira pa Zoom. Anthu a ndalama zawo ku America anaona mwayi, nathamangira kukagula masheya a kampaniyo. Ambiri analemba `ZOOM` pa makina awo n'kugula. Koma eni pulogalamu ya misonkhano ija, Zoom Video Communications, analowa pa msika wa Nasdaq mu Epulo 2019 ndi zilembo ziwiri zokha, `ZM`. Zilembo za `ZOOM` zinali za Zoom Technologies, kakampani kena komwe kanali kasanatulutse malipoti ake a zachuma kuyambira 2015. Mtengo wa masheya ake unakwera mosadziwika bwino, mpaka pa 26 Marichi bungwe loyang'anira misika ya masheya la SEC linaimitsa malonda ake, n'kunena poyera kuti ogula akusokoneza makampani awiriwa.

Zilembo zoterezi, zomwe amalonda amati tika, ndi dzina lachidule lomwe kampani imadziwika nalo pa msika umodzi. Ubwino wake ndi kufupika basi. Tika ili ngati dzina la pabwalo la mpira: anzako amakudziwa nalo, koma kubanki amafuna chitupa cha unzika. Msika uliwonse umagawa zilembo zake, kotero zilembo zomwezo zikhoza kuimira makampani awiri m'maiko awiri, ndipo kampani ikhoza kusintha tika yake. Eni Facebook anachoka pa `FB` n'kupita pa `META` mu Juni 2022, masheya ali omwewo.

Msampha womwewu ulipo ngakhale pa msika wathu wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pomwe makampani ndi owerengeka. `NBM` ndi National Bank of Malawi, pomwe `NBS` ndi NBS Bank. Chilembo chimodzi chikulekanitsa mabanki awiri a eni osiyana ndi mitengo yosiyana. `AIRTEL` ndi Airtel Malawi, yomwe inalowa pa msikawu mu 2020, osati Airtel Africa yomwe imagulitsidwa ku London ngati `AAF`. Munthu amene wawerenga za phindu la Airtel Africa n'kugula `AIRTEL` ndiye kuti wagula kampani ya mtundu womwewo, koma ya mabuku ake ake.

Chitupa chenicheni cha sheya ndi nambala ya ISIN. Imakhala ndi zilembo ndi manambala 12, osapitirira kapena kuchepera, ndipo kalembedwe kake n'kamodzi dziko lonse lapansi potsatira muyezo wa ISO 6166. Zilembo ziwiri zoyamba zimatchula dziko lomwe nambalayo inaperekedwa, lomwe kawirikawiri ndi kwawo kwa kampaniyo: `MW` ndi Malawi, `ZA` ndi South Africa, `GB` ndi Britain. Zisanu ndi zinayi zapakati ndi nambala yomwe dzikolo linapatsa sheyayo. Yomaliza ndi nambala yotsimikizira, yomwe imachokera pa masamu a zinzake zonse.

Chitsanzo chabwino ndi Old Mutual Limited. Kampaniyi inalembedwa mu Juni 2018 pa misika isanu: Johannesburg, London, Malawi, Namibia ndi Zimbabwe. Kuno ndi ku Joni tika yake ndi `OMU`, koma ku Namibia ndi `OMM`. Kuno mtengo umatchulidwa m'makwacha, ku Joni m'ndalama ya randi. Komabe konseko ISIN ndi imodzi, `ZAE000255360`. Mmalawi amene wagula masheyawa ku Blantyre asadabwe kuona `ZA` m'malo mwa `MW` pa pepala lake, pakuti kwawo kwa kampaniyi ndi ku South Africa. Apa m'pamene ambiri amaphonya: zilembo ziwirizo sizinena komwe sheya ikugulitsidwa.

Nambala yomaliza ija munthu akhoza kuiyesa yekha ndi pensulo. Choyamba, imaikidwa pambali. Kenako chilembo chilichonse chimasanduka nambala, kuyambira A yemwe ndi 10 mpaka Z yemwe ndi 35. Motero Z, A ndi E akhala 35, 10 ndi 14. Manambala onse amandandalikidwa limodzilimodzi, ndipo kuyambira kumapeto a kumanja, yoyamba imachulukitsidwa kawiri, yachiwiri imasiyidwa, yachitatu kawiri, choncho mpaka kumanzere. Yankho likafika 10 kapena kupitirira, manambala ake awiri amaphatikizidwa: 12 amakhala 3, pomwe 10 amakhala 1.

```
3 5 1 0 1 4 0 0 0 2 5 5 3 6
3 1 1 0 1 8 0 0 0 4 5 1 3 3
```

Mzere wachiwiriwo ukawonkhetsedwa ukupereka 30. Nambala yotsimikizira ndi imene ikuperewera kuti chiwonkhetsocho chigawike ndi 10 popanda yotsala. Pa 30 palibe choperewera, ndiye yankho ndi 0, ndipo ISIN ya Old Mutual imatheradi ndi 0. Tsopano tiyerekeze kuti wolemba fomu wasinthanitsa 3 ndi 6, walemba `ZAE000255630`. Chiwonkhetso chikhala 36, choperewera kuti afike 40 ndi 4, koma papepala pali 0. Makina a buloka amachita masamu omwewa m'kuphethira kwa diso n'kuikana nambalayo.

Masamuwa ali ndi malire ake, ndipo malirewo ndi ofunika kuwadziwa kuposa masamu enieniwo. Amagwira dzanja lomwe laphonya polemba, ngakhale si nthawi zonse: kusinthanitsa 0 ndi 9 oyandikana kumadutsa osaoneka. Koma sanena kuti nambalayo ndi ya kampani iti, kapena ngati kampaniyo ilipodi. Kamberembere akhoza kukopera ISIN yeniyeni n'kuimata pa chikalata chabodza, masamu n'kutuluka bwinobwino.

N'chifukwa chake kutsimikiza kwenikweni kumafuna kuti zinthu zitatu zigwirizane: dzina lonse la kampani monga linalembetsedwa, tika yake pa msika womwe munthu akugulirapo, ndi ISIN. Zitatuzi zisachokere kwa amene akutsatsa malondayo. Zimapezeka pa mndandanda wa msika weniweniwo ndiponso pa zidziwitso zomwe kampani imatulutsa kwa eni masheya. Cha Old Mutual chilichonse chimayamba ndi dzina, nambala yolembetsera kampani, ISIN ndi tika za misika yake. Malonda akatha, wogula ayang'ane chikalata chochokera kwa buloka ndi sitetimenti ya akaunti yake ya masheya ngati zikutchula kampani yomweyo. Buloka nayenso akhale wa chiphaso, wopezeka pa mndandanda wa msika.

Pali chinanso. ISIN ndi ya sheya, osati ya kampani yonse. Kampani imodzi ikhoza kukhala ndi masheya a mitundu iwiri komanso mabondi angapo, chilichonse ndi nambala yake. Alphabet, eni Google, ali ndi `GOOGL` omwe amapatsa mwini mphamvu yovota ndi `GOOG` omwe alibe mphamvuyo, ndipo ISIN zake n'zosiyana. Kampani ikakonzedwanso, nambala imatha kusintha. Amene anali ndi masheya a Old Mutual plc ya ku London, a ISIN yoyamba ndi `GB`, mu 2018 analandira a Old Mutual Limited oyamba ndi `ZA`. Choncho banja lomwe lapeza satifiketi yakale ya masheya m'sutikesi ya malemu lisataye pepalalo chifukwa nambala yake sikupezeka pa mndandanda wa lero. Lipite nalo kwa buloka kapena kwa osunga kaundula wa eni masheya a kampaniyo, akalondole kuti masheyawo anasanduka ati ndipo alipo angati.