Pempho lafera pati? Kuwerenga zomwe curl amalemba

Pulogalamu ya pa kompyuta ikalephera kulankhula ndi seva, mawu oyamba kumveka mu ofesi ndi akuti “netiweki yavuta”. Wina amazimitsa rauta n’kuyatsanso, wina amaimbira kampani ya intaneti, ndipo tsiku limatha anthu akulimbana ndi chinthu chomwe chilibe mlandu. Chomwe chimandiwawa n’chakuti kompyutayo ikanatha kunena yokha pomwe zinthu zasokonekera, akanaifunsa bwino.

Chida chofunsira ndi curl, pulogalamu yaing’ono yomwe Daniel Stenberg wa ku Sweden anaitulutsa ndi dzinali mu 1998. Ntchito yake ndi kutumiza pempho ku seva ndi kuonetsa yankho. Mukawonjezera `-v`, curl amasimba ulendo wonse wa pempholo mzere ndi mzere.

```
curl -v https://shop.example.com/
```

Mizere imatuluka yambiri ndipo woyamba kumene amachita nayo mantha, koma chilembo choyamba cha mzere uliwonse chimanena mwini mawu. Mzere woyamba ndi `*` ndi curl akufotokoza zomwe akuchita. Woyamba ndi `>` ndi zomwe kompyuta yanu yatumiza, ndipo woyamba ndi `<` ndi zomwe seva yayankha. Pempho limadutsa magawo anayi motsatana: kupeza adiresi ya seva, kulumikizana nayo, kutsimikizira kuti ndi seva yeniyeniyo, kenaka kupempha ndi kuyankhidwa. Gawo lililonse limadikira kuti linzake lithe. N’chifukwa chake ine ndimayamba ndi kufufuza mzere womaliza wosonyeza kuti china chatheka, chifukwa vuto limakhala pa gawo lotsatira.

Tiyerekeze kuti sitolo ina yasamutsa webusaiti yake kupita pa seva yatsopano usiku wathawu, ndipo m’mawa uno makasitomala akudandaula kuti sikutseguka. Mwalemba lamulo lija, ndipo mizere yoyambirira yatuluka motere:

```
*   Trying 203.0.113.10:443...
* Connected to shop.example.com (203.0.113.10) port 443
```

Mizere iwiriyi yachotsa kale mlandu pa zinthu ziwiri. Kuoneka kwa manambala a adiresi kukutanthauza kuti DNS, kaundula yemwe amasandutsa dzina la webusaiti kukhala adiresi ya manambala, wayankha. Akanalephera, curl akanaimira pomwepo ndi uthenga wa `curl: (6) Could not resolve host`, ndipo zikatero seva imakhala isanakhudzidwe n’komwe: mwina dzina lalembedwa molakwika, mwina kompyuta yanu sikumufikira DNS. Mawu oti `Connected` nawo akusonyeza kuti seva yalola kulumikizana pa khomo nambala 443, lomwe mawebusaiti otetezedwa amagwiritsa ntchito.

Pa gawo lolumikizanali pamalephereka mwa njira ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa kumapulumutsa maola ambiri. Mukafika pakhomo pa munthu n’kunena kuti odi, wina n’kukuyankhani kuti yemwe mukumufuna palibe, mwadziwa kuti nyumba mwaipeza. Ndiye `Connection refused`, yomwe imabwera mofulumira ndi nambala 7: makina alipo ndipo ayankha, koma palibe pulogalamu yomwe ikumvetsera pa khomolo, kawirikawiri chifukwa yagwa kapena sinayatsidwe. Koma mukaodira kangapo popanda woyankha, simudziwa ngati mwasochera kapena eni ake angokhala chete. Umu ndi momwe zimakhalira curl akaima pa `Trying` nthawi yaitali mpaka kugonja ndi nambala 28. Pamenepo ganizirani za adiresi yolakwika, makina ozima, kapena chotchinga cha chitetezo chomwe chikungotaya mauthenga anu mwakachetechete.

Ku sitolo yathu kuja zonsezi zadutsa bwino. Pansi pake patuluka mizere ingapo ya TLS, yomwe ndi kupatsana moni kwa kompyuta ndi seva pokonza njira yobisira mauthenga, kenaka izi:

```
curl: (60) SSL certificate problem: certificate has expired
```

Seva yaonetsa satifiketi, chiphaso chotsimikizira kuti ndi iyodi, ndipo curl wakana chifukwa masiku ake anatha. Palibe mzere ngakhale umodzi woyamba ndi `>`, kusonyeza kuti pempho lenilenilo silinatumizidwe.

Apa wofulumira amathamangira kukonza satifiketi, kapena amawonjezera `-k` kuti curl asiye kuifufuza. Kugwiritsa ntchito `-k` kamodzi pofuna kuona zomwe zili kuseri sikolakwika, koma kuisiya mu pulogalamu yogwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi kulola aliyense wonamizira kukhala seva yanu kuti awerenge zomwe mukutumiza. Komanso uthenga wa satifiketi yotha suloza seva nthawi zonse. Kompyuta yomwe wotchi yake yasokonekera imaona satifiketi yabwinobwino ngati yotha kapena yosayamba kugwira ntchito. Pa 30 Seputembala 2021, satifiketi yakale ya DST Root CA X3 itafika mapeto ake, makina ambiri okhala ndi mapulogalamu akale anayamba kukana mawebusaiti ogwiritsa ntchito Let’s Encrypt, ngakhale masatifiketi a mawebusaitiwo anali asanathe.

Tibwerere ku mzere woyamba uja. Adiresi yomwe curl anapitako ndi 203.0.113.10, pomwe seva yatsopano ya sitolo ili pa 203.0.113.25. DNS wayankha ndithu, koma wayankha zakale. Mwina kaundula sanasinthidwe, mwina wasinthidwa koma makina a pakati akusungabe yankho lakale mpaka nthawi yomwe analoledwa kulisunga itakwana. Satifiketi yothayo ndi ya seva yomwe inasiyidwa. Uthenga unatuluka pa gawo lachitatu, koma gwero lake lili pa gawo loyamba, ndipo umboni unali pa mzere womwe ambiri amaudumpha. Mzere wooneka wotheka nawo umafunika kuuyerekeza ndi zomwe mumayembekezera.

Pofuna kuyesa seva yatsopano osadikira DNS, mumamuuza curl adiresi yoti apiteko:

```
curl -v --resolve shop.example.com:443:203.0.113.25 https://shop.example.com/
```

Njirayi imaposa kungolemba manambala m’malo mwa dzina, chifukwa curl amatchulabe dzina la webusaiti kwa seva, ndipo satifiketi imafufuzidwa ndi dzina loyenera. Tsopano patuluka `SSL certificate verify ok`, ndipo pempho lanyamuka:

```
> GET / HTTP/1.1
> Host: shop.example.com
< HTTP/1.1 502 Bad Gateway
< Server: nginx
```

Mzere woyamba ndi `<` ukangooneka, netiweki yagwira ntchito yake: pempho lafika ndipo yankho labwera. Nambala 502 ikunena kuti nginx, pulogalamu yolandira alendo pakhomo pa seva, inapereka pempholo kwa pulogalamu ya sitolo yomwe ili kumbuyo kwake ndipo sinalandire yankho lomveka. Pa seva yongokhazikitsidwa kumene, choyamba kuona ndi ngati pulogalamu ya kumbuyoyo yayatsidwa. Mavuto anali awiri, limodzi litabisa linzake, ndipo akanangokonza DNS makasitomala akanakumana ndi 502.

Apa ndi pomwe maso a curl amathera. Iye amaona zomwe zafika pa kompyuta yanu basi, choncho chifukwa chomwe pulogalamu ya kumbuyo yalepherera muchipeza m’zolemba za seva yomweyo. Dziwaninso kuti kwa curl yankho la 502 ndi ulendo wotheka, moti amatuluka ndi nambala 0 ngati kuti zonse zili bwino. Ngati pali pulogalamu ina yomwe imadalira nambala imeneyi podziwa ngati webusaiti ili moyo, wonjezerani `-f`, ndipo yankho lililonse kuyambira 400 kupita m’mwamba lidzatulutsa nambala 22.

Musanatumize zomwe zatuluka kwa mnzanu woti akuthandizeni, werengani mizere ya `>` mosamala. Ngati pempho linali ndi mawu achinsinsi kapena kiyi, zimaonekera pa mzere wa `Authorization` kapena wa `Cookie`, ndipo muyenera kuzifufuta kaye.