Kalata yofuna kuonana ndi bwana imayamba kuwerengedwa ndi mlembi

Amene wakulira kumudzi amadziwa kuti kwa mfumu yaikulu salowa yekha, amadzera kwa nduna. Kumaofesi n'chimodzimodzi. Kalata yopita kwa bwanamkubwa wa boma, kapena kwa mlembi wamkulu wa unduna ku Capital Hill, imayamba yafika m'manja mwa sekilitale. Iyeyu ndiye amasunga buku la misonkhano ya bwana, ndipo ndiye amalowetsa kalatayo. Choncho lembani moti iye athe kuifotokoza kwa bwana m'mawu ochepa.

Tiyerekeze kuti ndinu wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ndipo mlatho wopita kusukulu unakokoloka. Ambiri amadzaza masamba atatu ndi madandaulo, n'kumaliza ndi mawu akuti akufuna kukambirana "nkhani yofunika kwambiri". Sekilitale akafunsidwa kuti anthuwa akufunanji, amasowa choyankha, ndipo kalata imagona m'fayilo.

Tsamba limodzi likukwana. Pamutu lembani: "Pempho lokumana ndi a bwanamkubwa pa za mlatho wokokoloka". Chiganizo choyamba chinene kuti ndinu ndani ndipo mukuimira ndani. Chachiwiri chinene chimene mukufuna kuti bwana agamule, monga kutumiza akatswiri a zomangamanga kudzaona malowo mvula isanayambe. Kenako onetsani kumene mwadzera kale: munakanena kukomiti ya chitukuko ya dera, ndipo khansala akudziwa. Izi zikasowa, mudzabwezedwa kuti mukayambire komweko, chifukwa nkhani za chitukuko zimakwera kuchokera kumudzi, kudzera kudera, kukafika kukhonsolo.

Pemphani mphindi 15, nenani kuti mubwera anthu 3, ndipo tchulani maudindo awo. Musasankhire bwana tsiku. Perekani masiku angapo amene mungapezeke, ndipo ikani nambala ya foni imene imayankhidwa.

Popereka kalata tengani makope awiri. Pemphani mwaulemu kuti: "Mayi, mungandidindireko inayi kuti nditsale nayo?" Chidindo chokhala ndi tsiku ndicho umboni wanu. Funsaninso tsiku loyenera kudzamva yankho, ndipo lisungeni. Kuimba foni m'mawa uliwonse kumatopetsa munthu amene akanakuthandizani.

Mukamva kuti bwana walemba pakalata yanu kuti muonane ndi mkulu wa zomangamanga, musakhumudwe. Nthawi zambiri ameneyo ndiye ali ndi ntchitoyo m'manja. Chodetsa nkhawa n'chakuti padutse masabata awiri popanda wodziwa kumene kalata ili. Zikatero, bwererani ndi kope lodindidwa lija, mufunse kuti inapita patebulo la ndani.

Pewani zinthu ziwiri: kudikirira bwana pagalimoto, ndi kupereka "ya fanta". Choyambacho chimanyoza mlembi, ndipo bwana adzangokubwezerani kwa iye. Chachiwiricho ndi katangale, mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.