Musanasayine pepala la landilodi, lifupikitseni pa tsamba limodzi

M'mizinda yathu nyumba ya lendi imapezeka movutikira, ndiye ikapezeka munthu safuna zochedwa. Ejenti akuti pali ena atatu amene akuifunanso, galimoto yonyamula katundu mwapangana nayo kale, ndipo landilodi akukupatsani mapepala anayi kapena asanu olembedwa m'Chingerezi cha maloya. Ambiri timangoyang'ana mzere wa ndalama n'kusayina. Mapepala aja amakalowa m'sutikesi, ndipo amadzatulukamo tsiku la mkangano.

Koma mgwirizano wa lendi, ungatalike bwanji, nkhani zake zenizeni zimakwana pa tsamba limodzi la kope. Ntchito ndi yozitola, kuzilemba m'Chichewa chomveka, ndipo paliponse pamene pepala lalankhula mozungulira, inu n'kulembapo tsiku lenileni ndi ndalama yeniyeni. Pambali pa mfundo iliyonse muzilemba nambala ya ndime imene mwaitengamo, chifukwa pakabuka nkhani anthu adzatsegula mgwirizano umene munasayina, osati kope lanu.

Tiyeni tiyerekeze ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 mu Lilongwe. Ndalama ndi masiku zili m'munsimu ndi zachitsanzo chabe, koma kalembedwe kake ndi kamene kamapezeka kawirikawiri. Mgwirizano ukuti lendi ndi K250,000 pamwezi, yolipiriratu miyezi itatu itatu, ndipo ukhala wa chaka chimodzi kuyambira pa 1 Malichi. Ukutinso pali dipoziti ya mwezi umodzi, ndipo wochedwa kulipira kupyola masiku 7 awonjezere 10 peresenti pa ndalama imene yachedwayo.

Wolemba mwaulesi angalembe kuti "lendi K250,000 pamwezi" n'kutseka kope. Mzere umenewu ndi woona koma ndi wosocheretsa, chifukwa palibe tsiku limene mudzapereke K250,000. Chimene mudzapereke ndi K750,000, kanayi pachaka: pa 1 Malichi, pa 1 Juni, pa 1 Sepitembala ndi pa 1 Disembala. Masiku anayi amenewo ndiwo ofunika kulembedwa, lililonse ndi ndalama yake. Tsiku loyamba ndiye lolemera, poti dipoziti ikaonjezereka zonse zikukwana K1,000,000, osawerengera ya ejenti ngati munagwirizana kuti ili kwa inu. Masiku 7 aja nawonso asakhale mawu chabe. Funsani ngati akuwerengedwa kuyambira pa 1 kapena pa 2, ndipo pofuna kupewa mikangano lembani tsiku loyandikira, loti pofika pa 7 Juni ndalama ikhale italowa. Chilango nacho chilembeni m'makwacha. Munthu sachita mantha ndi 10 peresenti, koma akaona K75,000 amasamala.

Apa pali msampha umene umakola anthu olandira malipiro a pamwezi. Mukalipira mu Malichi, Epulo ndi Meyi amaoneka ngati miyezi yopumira, ndipo ndalama imalowera kufizi, kumaliro ndi kuzina. Kenako Juni uja wafika. Choncho pansi pa masiku aja onjezani mzere wanuwanu, woti mwezi uliwonse malipiro akangotuluka mupatule K250,000.

Lembaninso njira yolipirira. Ngati mgwirizano watchula akaunti ya kubanki, lipirani kumeneko. Landilodi akakuuzani pafoni kuti mwezi uno mutumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba kunambala ya mlamu wake, m'pempheni alembe uthenga, ndipo uthengawo muusunge pamodzi ndi wotsimikizira kuti ndalama yapita. Ya pamanja isaperekedwe popanda lisiti losonyeza miyezi imene yalipiridwa.

Za udindo, funso ndi limodzi lokha pa chinthu chilichonse: chikaonongeka kapena bilu ikabwera, atulutse ndalama ndani? Nthawi zambiri mayunitsi a ESCOM ndi madzi a Lilongwe Water Board amakhala a wokhala m'nyumba, pamene misonkho ya nyumba ya kukhonsolo imakhala ya mwini wake. Denga, zipupa ndi mapaipi akuluakulu zimakonda kukhala za landilodi, ndipo mababu, magalasi osweka, maloko ndi mipopi yodontha zimagwera inu. Komatu ichi ndi chizolowezi chabe. Chimene chalembedwa m'pepala lanu ndicho muchitsate, ndipo pamene pepala langoti phee, monga pa giza, pa kupopa chimbudzi chikadzaza kapena pa malipiro a mlonda, ikani chizindikiro cha funso ndipo mukafunse musanasayine. Ngati mita ndi imodzi pa nyumba zingapo za mumpanda umodzi, kagawidwe ka bilu kalembedwe. Tsiku lolowa jambulani nambala zimene mita ya madzi ikusonyeza, ndipo funsani ngati pali ngongole ya amene anatuluka. Madzi akadulidwa, wovutika ndi amene ali m'nyumbamo, ngakhale ngongoleyo si yake.

Zoletsedwa zimakhala zochepa ndipo sizivuta kumva: osalowetsamo munthu wina wa lendi, osagumula kapena kumanga, osasandutsa nyumba kukhala shopu. Chofunika kuona ndi kamawu koti "popanda chilolezo cholembedwa". Landilodi akavomera pakamwa kuti muike mabagalabazi ndipo mudzachotsere pa lendi, dziwani kuti simunagwire kanthu. Tsiku lowerengerana adzati sakukumbukira, ndipo mwina sakukumbukiradi.

Gawo limene limadya anthu ndalama zambiri ndi la kutha kwa mgwirizano, ndipo ndilo limene ambiri sawerenga n'komwe, poti wolowa m'nyumba saganiza zotuluka. Mgwirizano umatha m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi masiku ake.

Yoyamba ndi nthawi kukwana. Chaka choyambira pa 1 Malichi chimatha tsiku lomaliza la Febuluwale, osati pa 1 Malichi. Onani chimene pepala likunena za tsiku lotsatira. Mapepala ena amati mgwirizano umangopitirira chaka china pokhapokha wina atalemba kalata yokana nthawi isanakwane, ena amati uyenera kusayinidwanso. Mu chitsanzo chathu tinene kuti wosafuna kupitiriza alembe kalata kutatsala miyezi iwiri. Ndiye m'kope mulembe kuti pofika pa 31 Disembala mukhale mutaganiza ndipo kalata itafika. Pomwepo onaninso za kukwera kwa lendi. Mzere wakuti "mwininyumba atha kukweza lendi nthawi iliyonse" ndi woipa, ndipo ine sindingausayine usanasinthidwe kuti unene kangati pachaka komanso kuti akudziwitseni kutatsala nthawi yotani.

Yachiwiri ndi notisi, ndipo apa tichedwepo. Tinene kuti pepala likuti mbali iliyonse itha kuthetsa mgwirizano popereka notisi yolembedwa ya miyezi iwiri yathunthu ya pakalendala. Kuntchito akuuzani kuti akusamutsirani ku Mzuzu, ndipo mukufuna kutuluka pa 31 Okutobala. Miyezi iwiri yathunthu ndi Sepitembala ndi Okutobala, kutanthauza kuti kalata ikhale m'manja mwa landilodi pofika pa 31 Ogasiti. Mukaipereka pa 10 Sepitembala, landilodi adzati Sepitembala wadukiza sawerengedwa, miyezi yanu ndi Okutobala ndi Novembala, ndipo mgwirizano utha pa 30 Novembala. Masiku khumi amenewo akudyerani K250,000 ya mwezi umene mudzakhale muli kale ku Mzuzu.

Ngakhale mutapereka notisi pa nthawi yake, nkhani sinathe. Pa 1 Sepitembala mukuyenera kulipira K750,000 ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, koma mukutuluka kumapeto kwa Okutobala. Kodi mulipire K500,000 yokha, kapena mulipire yonse kuti adzakubwezereni ya Novembala? Mapepala ambiri sanenapo kanthu, ndipo ndalama ikalowa m'thumba mwa landilodi kutulukamo kumavuta. Funso limeneli ndi lofunsa tsiku losayina, pamene aliyense akuseka. Samalaninso kuti mapepala ena alibiretu ndime ya notisi. Mgwirizano wa chaka wopanda khomo lotulukira ungakuikeni pa ngongole ya miyezi yotsalayo ngakhale mutachoka. Ena amapatsa landilodi notisi ya mwezi umodzi, inu ya miyezi itatu. Zikakhala choncho lembani zonse ziwiri moyandikana kuti kukondera kwake kuoneke, n'kupita nazo kukakambirana.

Notisi yeniyeniyo ikhale kalata ya deti, yonena tsiku limene mudzatuluke. Pangani makope awiri, landilodi asayine imodzi kusonyeza kuti walandira, n'kukubwezerani. Kuuza mkazi wake pachipata si notisi. Uthenga wa pa WhatsApp ndi umboni wothandiza, koma ngati pepala likuti kalata ikaperekedwe pamanja, chitani zimene lanena.

Njira yachitatu ndi kuphwanya pangano. Onani kuti lendi ikachedwa masiku angati landilodi atha kuthetsa mgwirizano, komanso ngati ayenera kuyamba wakuchenjezani polemba. Ena akakwiya amazula chitseko, kusintha maloko kapena kutulutsa katundu panja. Zikafika pamenepo musabwezere ndi manja. Tengani mgwirizano ndi malisiti anu mupite kukhoti la majisitireti, kapena mukafunse thandizo ku Legal Aid Bureau ngati simungakwanitse loya.

Chotsala ndi dipoziti. Dipoziti si lendi ya mwezi womaliza, pokhapokha pepala litatero, ndiye musadzangosiya kulipira poganiza kuti landilodi adula pomwepo. M'kope lembani zinthu zimene angachotsepo ndalama ndi masiku amene ayenera kubweza yotsalayo. Mkangano wa dipoziti umazungulira pa kusiyanitsa kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito ndi kuononga. Penti yofwifwa patatha chaka si mlandu wanu, koma sinki yosweka ndi yanu, pokhapokha mutasonyeza kuti munaipeza yosweka kale. N'chifukwa chake tsiku lolowa muyendere limodzi chipinda ndi chipinda, mulembe zilema zonse, mujambule ndi foni, ndipo nonse musayine. Ngati pepala likuti mupente nyumba potuluka, funsani mtengo wa penti ndi mmisiri, chifukwa ungathe kumeza dipoziti yonse.

Tsamba lanu likatha, muwerengereni landilodi mokweza pali mboni. Pamene adzati "ayi, sindimatanthauza choncho" ndi pamene mukanadzakangana m'tsogolo. Konzani mfundoyo m'mgwirizano weniweniwo, nonse musayine pambali pa chosinthidwacho, ndipo musapereke ndalama musanalandire kope yanu yosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri.